Ndagulitsa mapisi 34 a zitenje koma ndatsala ndi K14,000 yokha: ndiziwerengera bwanji?

NaPhiri_Zitenje
Moni nonse pagulu pano. Ine ndili pa Mchinji boma, ndipo mwezi wa Meyi ndinayamba kugulitsa zitenje pa WhatsApp ndi pa Facebook. Shopu yoti munthu n'kulowamo ndilibe. Katundu ndimasunga m'kachipinda ka mnzanga wa saluni, oda ikabwera ndimatumiza. Ndimapikula ku Chipata, pisi ya mayadi 6 imandidyera K16,000 ndikasintha ndalama, ndiye ndimagulitsa K25,000. Mu Juni ndagulitsa mapisi 34. Ndikachulukitsa K9,000 ndi 34 ikundipatsa K306,000, koma ndikaphatikiza za mu Airtel Money, za mu Mpamba ndi za m'kachikwama ndikupeza K14,000 basi. Ndithandizeni pa zinthu ziwiri. Kodi ndiyenera kugulitsa mapisi angati pa mwezi kuti ndisamaluze? Nanga ndalamayi ikulowera kuti?

KamwendoBoy
Asisi, yambani mwafufuza amene amadziwa pini ya foni yanu.

NaPhiri_Zitenje
Pini ndi yanga ndekha achimwene, musandiyambanitse ndi bambo a kunyumba kuno.

Make_Tada
Musade nkhawa achemwali, geni ikamayamba imatero. Mpamba wa geni umabwerera pakatha miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka. Mukabweza ndalama yonse imene munalowetsa, pamenepo ndiye mwasiya kuluza.

MlembiWakale
Make Tada, zimene mwanenazo ndi nkhani ina, yofunika ndithu, koma si imene afunsa. Kubweza mpamba ndi funso loti zidzatenga miyezi ingati. Iwo akufunsa za mwezi umodzi: mapisi angati kuti zolowa ndi zotuluka zifanane. Munthu akhoza kudikira chaka mpamba osabwerera, ngati mwezi uliwonse akugulitsa mochepera pa nambala imeneyo.

Mayi Phiri, K9,000 ija si phindu. Ndi kusiyana chabe kwa mtengo wa ku Chipata ndi wanu. Pisi kuti ichoke m'sitolo ya ku Chipata mpaka ifike m'manja mwa kasitomala wa ku Area 25, imadya ndalama panjira. Tandilemberani zinthu ziwiri padera. Poyamba, zonse zimene mumalipira chifukwa choti pisi yagulidwa kapena yatumizidwa. Kenako zonse zimene mumalipira ngakhale mwezi wonse musagulitse kalikonse.

NaPhiri_Zitenje
Chabwino bambo. Ulendo wa ku Chipata, kuphatikiza galimoto yopita ndi yobwerera, zolipira pa boda ya Mwami, onyamula katundu ndi chakudya, unandidyera K60,000, ndipo ndinabweretsa mapisi 40. Jumbo ndi kastika ka dzina langa ndi K300 pa pisi. Wakabaza wokasiya katundu pa depoti ndimamupatsa pafupifupi K700 ndikagawa pa pisi iliyonse, chifukwa nthawi zina amanyamula ziwiri kapena zitatu ulendo umodzi. Ya minibasi kapena ya kampani yotumiza katundu amalipira ndi kasitomala. Zodulidwa potapa ndalama kwa ejenti ndikuona ngati K500 pa pisi.

Za mwezi ndi izi: bandulo K30,000, mayunitsi K10,000, kachipinda kaja K35,000, komanso pali mtsikana wina amene tsamba lake lili ndi anthu ambiri, amandilengezetsera pa K40,000, ndimamupatsa K20,000 kawiri. Ndinabwerekanso K200,000 ku banki m'khonde, chiwongoladzanja chake ndi K10 pa K100 iliyonse pa mwezi.

MlembiWakale
Zikomo, tsopano tili ndi pogwira. Tiyambe ndi pisi imodzi. K16,000 yopikulira, kuwonjezera K1,500 ya ulendo (ndagawa K60,000 pa mapisi 40), K300 ya jumbo, K700 ya kabaza ndi K500 ya ejenti. Zonse pamodzi K19,000. Ndiye pa K25,000 ija pakutsala K6,000, osati K9,000.

Ndifunsenso: mapisi onse 34 anapita pa K25,000 yathunthu? Palibe amene anakunyengererani mpaka mwachotsako? Nanga pa amene ali m'chipindamo, onse ndi ogulitsika?

NaPhiri_Zitenje
Ena ogula mapisi awiri ndinkawachotsera. Ndaona m'mauthenga, zonse zikukwana K15,000. Ndipo pisi imodzi inathimbirira ndi mafuta a kusaluni kuja, siingagulike.

MlembiWakale
Ndi zimenezo. K15,000 yochotsera ndi pisi yothimbirirayo, imene inakudyerani K17,500 kufika nayo pa boma, zikupanga K32,500. Mukagawa pa mapisi 34 ndi pafupifupi K1,000 pa pisi. Zoterezi sizibwera mwezi umodzi wokha, mwezi wina chidzakhala chitenje chosuluka, wina katundu wosochera m'minibasi, ndiye ndi bwino kungoziwerengeratu. Tinene kuti pisi iliyonse ikukusiyirani K5,000.

K5,000 imeneyinso sinakhale yanu. Ntchito yake yoyamba ndi kulipira za mwezi zija. Bandulo K30,000, mayunitsi K10,000, chipinda K35,000, wolengezetsa K40,000, chiwongoladzanja K20,000: zikukwana K135,000. Ine ndiwonjezerapo K15,000 ya foni. Foni ndiye shopu yanu, ndipo ngati ya makamera abwino ili pa K360,000 n'kukhala zaka ziwiri, ndiye kuti ikutha K15,000 mwezi uliwonse ngakhale simukuipereka kwa munthu. Zonse K150,000.

Tsopano gawani K150,000 ndi K5,000. Yankho ndi 30. Mapisi 30 oyambirira a mwezi uliwonse akugwirira ntchito bandulo, chipinda ndi ena aja. Phindu lanu likuyambira pa pisi ya nambala 31. Inu munagulitsa 34, ndiye phindu la Juni ndi la mapisi anayi, pafupifupi K20,000.

KamwendoBoy
Kuchoka pa K306,000 kufika pa K20,000. Madala mwawaphera tsiku asisiwa.

Dobadoba_Mwami
Ine pa foni ndakana. Foniyo anali nayo kale, amachezera ndi abale, amaonera mavidiyo. Geni ikanapanda kuyamba sakanaitaya. Bandulonso chimodzimodzi, munthu aliyense amagula. Mukuwawerengera zinthu zoti akanalipirabe, mukungowaopseza. Chotsani foni ndi theka la bandulo muone, nambala itsika kufika 24.

MlembiWakale
Masamu anu ali bwino, K120,000 kugawa ndi K5,000 ndi 24. Pa bandulo ndikhoza kukuvomerani pang'ono: ngati geni isanayambe ankagula ya K10,000, ndiye ya geni ndi K20,000 yowonjezerayo. Mayi Phiri adziwa okha. Pa foni ayi. Tsiku limene idzagwere m'madzi, geni idzaima tsiku lomwelo, ndipo ndalama yogulira ina idzachokera mu mpamba. Ndi bwino nambala ikhale yokwera pang'ono n'kumaidutsa, kusiyana ndi kuitsitsa kuti mtima ukhale m'malo.

Dobadoba_Mwami
Sitigwirizanabe, koma pitirizani.

Aphunzitsi_Magawa
Ine funso langa ndi lina. Mayiwa amadzuka n'kujambula zitenje, kuyankha mauthenga mpaka usiku, kuthamangira ku depoti, kukhala tsiku lonse pa msewu wa ku Chipata. Malipiro awo ali pati m'masamuwa? Akanalemba mtsikana woti azichita zonsezi akanamulipira. Tiyerekeze kuti akufuna K150,000 pa mwezi yoti azidya. Ndiye za mwezi zafika K300,000, ndipo mapisi ofunika ndi 60. Kwa ine nambala yoona ndi imeneyo.

Make_Tada
Mapisi 60 pa Mchinji pano? Agula ndani? Ndiye angosiya.

MlembiWakale
Nambala zonse ziwiri ndi zoona aphunzitsi, zikungoyankha mafunso osiyana. 30 ikunena kuti geni siikudya mpamba. 60 ikunena kuti geni ikhoza kudyetsa mwini wake. Mwezi wachiwiri palibe amayembekezera kufika 60, koma ayenera kuidziwa, chifukwa pakati pa 30 ndi 60 chilichonse chimene akutapa cha pakhomo choposa phindu la mweziwo chikuchoka mu mpamba. Ndipo Make Tada, ogula awo si a pa boma okha. Ubwino wogulitsa pa foni ndi woti Lilongwe ili pafupi, katundu wonyamuka m'mawa amafika tsiku lomwelo.

NsapatoZaKU
Ndilowererepo ndili ku Kasungu kuno. Ine ndimagulitsa nsapato, zikwama ndi mawotchi pa sitatasi, mitengo yake yosiyanasiyana, kuyambira K8,000 mpaka K45,000. Kugawa kwanuko ine ndigawa ndi chiyani, poti ndilibe pisi imodzi yofanana?

MlembiWakale
Inu muziwerengera pa kwacha, osati pa chinthu. Kwa mayi Phiri, K5,000 pa K25,000 ndiye kuti K100 iliyonse yolowa ikusiya K20. Kuti K20 zimenezi zikwane K150,000 pafunika malonda a K750,000 pa mwezi, omwe ndi mapisi 30 omwe aja. Inu tengani malonda onse a mwezi watha, muchotse zonse zimene katundu wogulitsidwayo anadya, muone kuti K100 iliyonse inasiya zingati. Chenjezo lake ndi loti nambalayo imasuntha kutengera chimene chayenda kwambiri. Ngati mawotchi amasiya K35 pa K100 pamene nsapato zimasiya K15, mwezi umene nsapato zayenda kwambiri mukhoza kugulitsa ndalama zambiri kuposa mwezi watha koma n'kuluza.

NsapatoZaKU
Zimenezo zinandichitikira mu Meyi. Alimi atayamba kulandira za fodya ku Chinkhoma nsapato zinatha ngati ndikugawa ulere, koma pomaliza sindinaone kusiyana.

Chisomo_IT
Amene muli ndi Excel kapena Google Sheets pa foni, ikani za mwezi mu B1, mtengo wogulitsira mu B2, zimene pisi imadya, kuphatikizapo K1,000 ya zochotsera ija, mu B3, kenako mu B4 lembani izi:

```
=ROUNDUP(B1/(B2-B3),0)
```

Mukasintha mtengo nambala imasintha yokha. Komanso asisi, bwanji osatsegula webusaiti yeniyeni? Ndikhoza kukupangirani motchipa, anthu azilipira pomwepo.

KamwendoBoy
Munthu watsala ndi K14,000 iwe ukumutsatsa webusaiti.

Chisomo_IT
Ndangonena. Geni ndi geni.

MlembiWakale
Webusaitiyo tiiyese ndi fomula yanu yomweyo a Chisomo. Ngati ingamadye K25,000 pa mwezi, ndiye iyenera kubweretsa mapisi asanu owonjezera mwezi uliwonse kuti ingodzilipira. Wolengezetsa wa K40,000 ujanso muyezo wake ndi womwewo: mapisi asanu ndi atatu. Mayi Phiri, muzifunsa kasitomala watsopano aliyense kuti wakudziwirani kuti. Mukapeza kuti odzera kwa mtsikanayo ndi atatu okha pa mwezi, mukumulipira K40,000 kuti akubweretsereni K15,000.

NaPhiri_Zitenje
Ndamva za 30 zija. Koma bambo, ngati ndinapindula K20,000, bwanji ndalama zatsika? Pa 1 Juni ndinali ndi K410,000 m'manja. Lero K14,000. Kupindula kotani kumeneku?

MlembiWakale
Limenelo ndiye funso lanu lachiwiri, ndipo masamu a 30 aja sangaliyankhe. Iwo amaona ngati pisi ikagulitsidwa ndalama yalowa tsiku lomwelo, ndiponso ngati mumapikula pisi imodzi imodzi pamene kasitomala wafika. Zoona zake mumalipira mapisi 40 tsiku limodzi, ndalama n'kumabwerera pang'onopang'ono. Tsegulani mauthenga a Airtel Money ndi Mpamba a mwezi wonse. Musalembe zimene munagulitsa, lembani ndalama zimene zinalowadi ndi zimene zinatulukadi. Mundiuzenso mapisi amene munali nawo pa 1 Juni.

NaPhiri_Zitenje
Ndinali ndi mapisi 18. Pa 34 aja, amene analipira ndi 26, ndipo ndinalandira K635,000 chifukwa cha zochotsera zija. Mapisi 8 anatenga anzanga apantchito, aphunzitsi ndi anamwino, akuti adzapereka malipiro a Julayi akatuluka. Ena a mu Meyi anandibwezera K75,000. Zotuluka: oda ya mapisi 40 K640,000, ulendo K60,000, jumbo, kabaza ndi ejenti K51,000, za mwezi zija K135,000. Ku banki m'khonde ndinabwezanso K100,000 ya ngongole yeniyeniyo. Za pakhomo, magetsi, ndiwo, nsapato ya mwana ndi chopepesera maliro ku Mkanda, zikukwana K120,000.

MlembiWakale
Ndiye palibe ndalama yasowa. K410,000 yoyamba nayo, K635,000 ndi K75,000 zikupanga K1,120,000. Zotuluka zonse mwatchulazo ndi K1,106,000. Kusiyana kwake ndi K14,000 imene muli nayoyo.

Tsopano taonani kumene K396,000 yatsikayo yapita. Ngongole za anthu zinali K75,000, pano ndi K200,000, ndiye K125,000 yapita m'matumba mwa anzanu. Katundu anali mapisi 18, pano ogulitsika ndi 23, ndiye pafupifupi K87,500 yasanduka nsalu. K100,000 yabwerera ku banki m'khonde. K120,000 yadyedwa pakhomo. Zinayi zimenezi zikuposa K430,000, ndipo chimene chachepetsako ndi kaphindu kaja, pamodzi ndi K15,000 ya foni imene sinatuluke m'thumba. Pa zinayizi palibe ngakhale chimodzi chimene chinalowa m'masamu a mapisi 30. Kubweza ngongole si kuluza, kugula katundu si kuluza, kukongoza mnzako si kuluza ngati adzabweze. Koma zonse zimachotsa ndalama m'manja.

Chimene chachepetsadi chuma cha geni ndi K120,000 ya pakhomo, chifukwa geni inapanga K20,000 yokha. K100,000 inayo yachoka mu mpamba.

Make_Tada
Ndiye mwana aziyenda wopanda nsapato chifukwa cha mpamba? Kumaliro asapite? Enanu mumalankhula ngati ndalama ya geni ili ndi mpanda. Ife timachita geni kuti pakhomo pazioneka mchere.

MlembiWakale
Sindinati asatape mayi. Ndati adziwe kuti akutapa zingati ndiponso zikuchokera pati. Akadziikira yekha K40,000 pa mwezi, n'kuitapa tsiku limodzi, n'kuisunga padera, adziwa kuti mapisi ofunika akwera ndi 8. Choopsa ndi K5,000 lero, K8,000 mawa, kuchokera mu nambala yomweyo imene makasitomala amalipirira.

Aphunzitsi_Magawa
Pa nkhani ya ngongole ndiyankhuleko ngati mmodzi mwa okongolawo. Ife a m'boma ndalama timaiona kumapeto kwa mwezi basi. Mukakana kutikongoza, tikagula kwa wina amene avomere. Mapisi 8 aja akanapanda kutuluka, mayiwa akanagulitsa 26, pansi pa 30 paja. Ndiye ngongole ndi imene yawapulumutsa.

NsapatoZaKU
Yawapulumutsa ikadzabwera. Kuno kuli mayi wina anatenga nsapato mu Malichi, mpaka lero amangoona sitatasi yanga osayankha uthenga. Pisi imodzi ikapita osalipiridwa, sikuti mwataya K5,000 ayi, mwataya K19,000 yonse. Muyenera kugulitsa ena anayi kuti mubwerere pomwe munali. Ine pano ndi theka kaye, katundu n'kumusunga mpaka amalize.

Aphunzitsi_Magawa
Kusunga katunduko ndiye si ngongolenso. Chitenje munthu amafuna asokere chinkhoswe cha Loweruka likudzali.

NsapatoZaKU
Ndiye apereke K19,000 yoti ndibweze zanga, K6,000 yotsalayo ndidikira kumapeto kwa mwezi. Akathawa wathawa ndi phindu, osati mpamba.

Dobadoba_Mwami
Nonse mukusiya chachikulu. K16,000 ija ndi ya ulendo wathawo. Katunduyu amagulidwa ndi kwacha ya ku Zambia, ndipo osintha ndalama pa boda mtengo wawo sugona malo amodzi. Amene tinalipo mu Novembala 2023, kwacha yathu itagwetsedwa ndi 44 peresenti, tinaona anthu atagulitsa katundu yense pa mtengo wakale, akusangalala kuti watha msanga, pobwerera kukapikula ndalamayo osakwana katundu wofanana ndi amene anali naye. Muzifunsa mtengo wa ku Chipata sabata iliyonse, ndipo mtengo wanu uzitsatira wa oda ikubwerayo, osati yapitayo.

MlembiWakale
Apa ndiye mwalasa. Pisi ikangokwera kuchoka pa K16,000 kufika K17,500, mayi Phiri osasintha mtengo wawo, yotsala pa pisi ikhala K3,500 ndipo mapisi ofunika achoka pa 30 kufika 43. Kutsitsa mtengo kumachitanso zomwezo. Akati alengeze kuti sabata ino pisi ndi K23,000, K2,000 ikuoneka yochepa pa K25,000, koma ikuchoka pa K5,000 paja. Yotsala K3,000, mapisi ofunika 50.

Dobadoba_Mwami
Ndipo za pa boda zija zilinso ndi njira yake yozichepetsera, amene akufuna andipeze kumbali.

KamwendoBoy
Njira za kutchire zomwe zija? Akakugwirani a MRA mapisi 40 onse n'kutsalira komweko, a Mlembi adzatiwerengere kuti pafunika kugulitsa angati.

Woyang'anira_Gulu
Za njira zozemba pano ayi chonde. Tibwerere ku funso la mayi Phiri.

NaPhiri_Zitenje
Ine ndimadutsa pa geti, mtima wanga ndi wochepa. Bambo Mlembi, nanga Julayi ndiyenda bwanji? Zapitazo ndaziona, koma kutsogoloku ndikuona mdima.

MlembiWakale
Julayi musamuwerengere wathunthu, mumudule m'masabata, chifukwa mwezi ukhoza kutha bwino pa pepala koma pa 15 inu mulibe yopereka ku gulu la banki m'khonde. Tengani tsamba la kope, sabata iliyonse mizere inayi: yoyamba nayo, yolowa, yotuluka, yotsala. Yotsala ya sabata ino ndiyo yoyamba nayo ya sabata yamawa.

Tiyese ngati muchita monga munachitira mu Juni: mapisi 8 pa sabata, 6 olipiridwa, 2 a ngongole. Pisi yolipiridwa ikusiya K23,500 m'manja mukachotsa jumbo, kabaza ndi ejenti, popeza yopikulira munalipira kale. Ndiye sabata iliyonse kukulowa K141,000. Sabata yoyamba muyamba ndi K14,000, mulipira chipinda, bandulo ndi mayunitsi K75,000, mutsala ndi K80,000. Yachiwiri mupereka K110,000 ku banki m'khonde, yotsala ija ndi chiwongoladzanja chake, komanso K20,000 kwa wolengezetsa, mutsala ndi K91,000. Yachitatu wolengezetsa K20,000 inanso, mutsala ndi pafupifupi K212,000. Apa sindinaikepo ngakhale tambala ya pakhomo.

Vuto lili pamenepo. Pofika kumapeto kwa sabata yachitatu mapisi 23 aja atha, malipiro a anzanu aja sanatuluke, ndipo oda ya mapisi 40 imafuna K700,000. Ndi K212,000, mukachotsa ya ulendo, mugula mapisi 9 okha. Ulendo sutsika kwenikweni chifukwa choti mwanyamula pang'ono, mpando wa m'galimoto ndi womwewo. Ngakhale za pa boda zitatsikako, ulendowo ukagawidwa pa mapisi 9 udya pafupifupi yonse imene pisi imakusiyirani. K1,500 ija inali yoona pa mapisi 40 pokha.

Make_Tada
Angobwerekanso ku gulu K500,000. Nthawi ino anthu agulitsa soya ndi mtedza, m'bokosi muli ndalama.

MlembiWakale
Zotheka, koma awerengere kaye. K500,000 pa K10 pa K100 ndi K50,000 pa mwezi, mapisi 10 owonjezera ongogwirira chiwongoladzanja. Ndipo ngati gulu lawo limafuna ngongole ibwerere m'miyezi iwiri kapena itatu, dzenje lomweli alipeza mu Seputembala litakula. Ine ndikanayamba ndi zosalipira chiwongoladzanja. Mapisi 23 onse apite ndi ndalama pamanja: ndi K540,500, ndipo akachotsa K225,000 ya zolipira zija n'kuwonjezera K14,000, afika pafupifupi K330,000. Akatolerako theka la ngongole zija msanga, K430,000. Imeneyo igula mapisi 23, ulendo n'kugwera pa K2,600 pa pisi. Si zokoma, koma pisi ikusiyabe kanthu.

NsapatoZaKU
Kapena osapita n'komwe. Pezani mnzanu wodalirika amene akupita kale ku Chipata, mugawane za ulendo, kapena mumulipire pa pisi. Wogulitsa wa kumeneko akutumizireni zithunzi, muziike pa sitatasi musanagule, amene wakonda apereke dipoziti ya K10,000. Anthu khumi ndi K100,000 yopikulira yopanda chiwongoladzanja, ndiponso mukugula mtundu woti uli kale ndi mwini wake.

Dobadoba_Mwami
Dipoziti ndi yabwino mpaka tsiku limene mufike ku Chipata n'kupeza mtundu umene munajambulitsa watha. Ndiye mubweze K10,000 za anthu mutazidyera kale pa thiransipoti. Komanso kutuma munthu zitenje n'kovuta, pa chithunzi wakisi weniweni ndi wonamizira amaoneka chimodzimodzi.

Aphunzitsi_Magawa
Musaiwalenso kuti Juni ndi mwezi wa ndalama kuno. Anthu akolola, maukwati ndi zinkhoswe zili mkati. Mu Okutobala zitenje zidzayenda chifukwa cha Tsiku la Anakubala pa 15, Disembala chimodzimodzi. Koma Januwale ndi Febuluwale, fizi, feteleza ndi ufa zikakumana, ndani adzagule pisi ya K25,000? Ngati mu Juni mwadutsa 30 ndi mapisi anayi okha, miyezi imeneyo mudzakhala pansi pake.

MlembiWakale
Ndi chifukwa chake tsamba lija liyenera kupitirira Julayi. Masabata a mwezi uno, kenako mwezi ndi mwezi mpaka Malichi. Mukaika mapisi 15 mu Januwale, muona kuti mweziwo udzafuna K75,000 yochokera kwina, kapena mudule za mwezi, monga kuimitsa wolengezetsa. Oda ya Okutobala nayonso ndalama yake imatuluka mu Seputembala. Chimodzi chokomera mayi Phiri ndi choti ngongole ya gulu ikatha mu Julayi, za mwezi zitsika kufika K130,000, mapisi ofunika 26.

KamwendoBoy
Bola foni isagwere m'madzi.

NaPhiri_Zitenje
Ndalemba masabata aja m'kope. Awiri mwa anzanga a ngongole avomera kupereka theka pa 10, enawo akuti mpaka malipiro. Nambala ya Mpamba ndaisiyira geni yokha, za pakhomo zizidzera kwina. Za kukongoza sindinaganize bwino, chifukwa amene amatenga pa ngongolewo ndi omwenso amandibweretsera anzawo. A NsapatoZaKU, dipoziti ija mumatani munthu akasintha maganizo katundu atafika kale? Mumabweza yonse kapena mumadulako?

NsapatoZaKU
Ndimabweza katunduyo akagulidwa ndi wina, ndipo ndimadula K2,000. Koma muzinena zimenezo asanatumize ndalama, muuthenga wolemba, osati pa foni yoyimba.

Make_Tada
K2,000 yodula mnzako wa mpingo umodzi? Kuno sizingatheke zimenezo.

NsapatoZaKU
Ndiye muiike m'gulu la zochotsera lija, K1,000 ya a Mlembi ikwere.